Kasanjidwe ka osewera bawo pa mapointi amene amafota m'miyezi 12

Mndandanda wa osewera ukangokhomedwa, funso limakhala lomwe lija: "Inetu ndinatenga chikho chaka chatha, nanga mwana uyu wandipitirira bwanji?" Alembi a makalabu a bawo ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje boma nawonso amafunsa chimodzimodzi, kungoti iwo amafunsa kuti masamuwo awerengere bwanji kuti asamasinthe mawu pamaso pa anthu. Yankho ndi ili, ndipo ndalilemba lonse kuti lisamabwerezedwe pakamwa. Zitsanzo ndi za bawo, koma njira yake ndi imodzimodzi ngakhale pa drafuti, pulu kapena tchesi.

Tiyambe tamvana mawu awiri. Tikati mapointi amafota, tikutanthauza kuti zimene munthu wapata pa mpikisano zimachepa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka kutheratu. Tikati miyezi 12 yoyenda, tikutanthauza kuti sitiwerenga kuyambira Januwale mpaka Disembala ngati kalendala. Timaima pa mwezi umene tili n'kuyang'ana m'mbuyo miyezi 12 basi. Mu Juni timayang'ana kuyambira Julayi wa chaka chatha. Mu Julayi timayang'ana kuyambira Ogasiti. Palibe tsiku limene aliyense amabwerera pa ziro limodzi.

Masewera akuluakulu amachita izi mosiyanasiyana. Pa tenisi ya akatswiri, mapointi amakhala athunthu kwa masabata 52 kenako amagwa onse nthawi imodzi. Pa gofu amawerenga zaka ziwiri: mapointi amakhala athunthu masabata 13 oyamba, kenako amayamba kutsika pang'onopang'ono. Njira imene ili pano ili pakati pa ziwirizi. Nthawi ndi chaka chimodzi, koma kutsika kwake n'kwa mwezi ndi mwezi, chifukwa mwezi ndi umene mlembi wokhala ndi hadikava ndi cholembera angaukwanitse osasochera.

1. Sankhani mapointi amene amagawika ndi 12

Apa ndi pamene ntchito yonse imapepukira kapena kulemerera. Makomiti ambiri amathamangira 100, 50 ndi 25 chifukwa ndi manambala ozolowereka. Koma 100 mukamugawa pa 12 mumapeza 8.33, ndipo mukayamba kudula timadontho timeneti aliyense amadula mwake, mapeto ake anthu awiri owerenga zofanana amapeza mayankho osiyana. Sankhani manambala amene 12 amalowamo popanda chotsala.

Mipikisano igaweni pawiri. Waukulu ndi wa osewera 32 kapena kuposerapo. Wopambana alandire 240, wogonja mu fainolo 144, ogonja mu semifainolo 96 aliyense, mu kotafainolo 48, mu ndime ya anthu 16 alandire 24, ndipo wogonja mu ndime yoyamba 12. Waung'ono ndi wa osewera 16 mpaka 31, ndipo pamenepo wopambana alandire 120, wachiwiri 72, a semifainolo 48, a kotafainolo 24, otsalawo 12.

Ukulu wa mpikisano uzidziwika ndi anthu amene anakhaladi pansi n'kusewera, osati amene analembetsa. Pakalembetsa anthu 34 koma n'kubwera 27, umenewo ndi waung'ono. Mukapanda kulemba lamuloli, okonza mpikisano amayamba kudzaza mayina a abale awo pa pepala kuti afike pa 32. Masewero a anthu ochepera 16, monga amene amachitika pakhonde la golosale madzulo a tsiku la msika, asalowe m'buku ngakhale pakhale mphoto ya mbuzi.

Lamulo lina laling'ono: munthu amene wadutsa ndime yoyamba osasewera chifukwa maere anamusiya yekha, n'kukagonja pa masewero ake oyamba, alandire 12 yokha. Sanagonjetse munthu.

2. Wosewera aliyense akhale ndi nambala

Dzina lokha silikwanira. Munthu mmodzi amalembetsa ndi dzina la pa chiphaso ku Chikwawa, dzina la pabwalo ku Dyeratu, ndipo ku Bangula mlembi amalilemba mmene walimvera m'Chisena. Mapointi ake amamwazika pa anthu atatu amene kulibe. Mupatseni nambala tsiku loyamba, ndipo nambalayo isaperekedwenso kwa wina ngakhale mwiniwake atasiya kusewera.

3. Mzere umodzi pa munthu pa mpikisano uliwonse

M'buku lalikulu musalembe chiwerengero chonse cha munthu. Lembani mzere umodzi nthawi iliyonse imene wasewera, wokhala ndi zinthu zinayi: nambala yake, mwezi ndi chaka cha mpikisano, mapointi amene anapata, ndi gawo la mwezi, kutanthauza mapointiwo mutawagawa pa 12. Wopata 240 gawo lake ndi 20, wopata 72 ndi 6, wopata 12 ndi 1. Zinayi zimenezi zilembedwe ndi inki ndipo sizisinthanso. Zonse zimene muziwerengera mwezi ndi mwezi zipite pa pepala lina.

Mpikisano ukayamba pa 30 Meyi n'kutha pa 1 Juni, ndi wa Juni. Tsiku la fainolo ndiye tsiku la onse, ngakhale amene anatuluka tsiku loyamba. Mukalemba ena Meyi ena Juni, anthu a mpikisano umodzi azifota mosiyana chaka chonse.

4. Tsiku lowerengera likhale limodzi

Werengerani pa tsiku lomaliza la mwezi, khomani mndandanda, ndipo ugwire ntchito mwezi wonse wotsatira. Mpikisano wa pa 10 usasinthe mndandanda pa 11. Udikire kumapeto kwa mwezi.

5. Kupeza msinkhu wa mpikisano ndi mapointi otsala

Apa ndi pamene ambiri amadumpha ndi mawu akuti "kenako muchotsere mapointi akale," ngati kuti n'zodziwikiratu. Zolakwika zambiri zimabadwira pano, choncho tipite pang'onopang'ono.

Mpikisano uliwonse muutenge ngati nzimbe ya mfundo 12. Mwezi uliwonse mfundo imodzi imadyedwa. Nzimbe ya 240 mfundo zake n'zonenepa, 20 iliyonse. Ya 24 n'zowonda, 2 iliyonse. Koma zonse zimatha pa mwezi wa 12, ndipo iliyonse imadyedwa payokha kuyambira mwezi umene inadulidwa. Munthu amene wasewera mipikisano isanu ali ndi nzimbe zisanu zotalika mosiyana, osati imodzi.

Msinkhu wa mpikisano ndi miyezi imene yadutsa kuchokera mwezi umene unachitika kufika mwezi umene mukuwerengera. Masiku musawawerenge. Miyezi ipatseni manambala, Januwale 1 mpaka Disembala 12. Ngati mpikisano ndi wa chaka chomwechi, chotsani nambala ya mwezi wake pa nambala ya mwezi uno. Ngati ndi wa chaka chatha, yambani mwawonjezera 12 pa mwezi uno, kenako chotsani. Tikamawerengera kumapeto kwa Juni, mpikisano wa Epulo msinkhu wake ndi 6 kuchotsa 4, ndiye 2. Wa Ogasiti chaka chatha ndi 18 kuchotsa 8, ndiye 10. Wa Juni yemweyu msinkhu wake ndi 0, ndipo mapointi ake ndi athunthu.

Mukapeza msinkhu, uchotseni pa 12 kuti mupeze mfundo zotsala, kenako muchulukitse ndi gawo la mwezi. Msinkhu ukafika 12, mzerewo watha. Ujambuleni mzere wa pensulo koma musaufufute.

Tiyeni tione anthu awiri ongoyerekeza, tikuwerengera pa 30 Juni 2025.

Woyamba ndi mkulu wa ku Ngabu. Anatenga chikho cha mpikisano waukulu mu Ogasiti 2024, mapointi 240. Anafika semifainolo ya waung'ono mu Novembala 2024, mapointi 48. Anafika kotafainolo ya waung'ono mu Meyi 2025, mapointi 24. Mukangophatikiza osafotetsa, ali ndi 312. Tsopano mzere ndi mzere. Wa Ogasiti msinkhu ndi 10, zatsala mfundo 2 za 20 iliyonse, ndiye 40. Wa Novembala msinkhu ndi 18 kuchotsa 11, ndiye 7; zatsala mfundo 5 za 4 iliyonse, ndiye 20. Wa Meyi msinkhu ndi 1, zatsala mfundo 11 za 2 iliyonse, ndiye 22. Onse pamodzi ndi 82.

Wachiwiri ndi mnyamata wa ku Bangula amene wayamba chaka chino. Anagonja mu fainolo ya waung'ono mu Epulo, mapointi 72. Anafika semifainolo ya waung'ono mu Meyi, mapointi 48. Pa waukulu wa mu Juni anatulukira mu ndime ya anthu 16, mapointi 24. Osafotetsa ali ndi 144, osafika ngakhale theka la a mkulu uja. Koma wa Epulo zatsala mfundo 10 za 6, ndiye 60. Wa Meyi zatsala 11 za 4, ndiye 44. Wa Juni ndi wathunthu, 24. Onse pamodzi ndi 128.

Mnyamata ali pamwamba, 128 kwa 82, ndipo palibe chalakwika. Mndandanda wamtunduwu umayankha funso lakuti ndani akusewera bwino panopa. Sunena kuti katswiri wa zaka zonse ndani. Mkulu wa ku Ngabu akabwera kudzafunsa, musamuuze kuti "ndi mmene masamu atulukira." Mutsegulireni buku pa mizere yake itatu, aone yekha kuti pa 240 uja patsala mfundo ziwiri.

Tsopano cholakwika chachikulu. Mwezi ukatha, mlembi wotopa amatenga chiwerengero cha mwezi watha n'kuchotsapo gawo limodzi la magawo 12. Pa mkulu uja amatenga 82, n'kuchotsa pafupifupi 7, n'kulemba 75 kumapeto kwa Julayi. Koma yankho lenileni ndi 56: wa Ogasiti watsala 20, wa Novembala 16, wa Meyi 20. Kusiyana kwake ndi 19 pa mwezi umodzi wokha. Chifukwa chake n'chakuti mfundo imene imadyedwa ndi gawo la mapointi oyamba, osati la zimene zatsala. Nzimbe ya 240 imataya 20 mwezi uliwonse, kaya ili yaitali kaya yatsala chitsa. Mukamachotsa gawo la zotsala, chochotsacho chimanka chichepa ndipo mapointi safika pa ziro. Wopata 240 amakhala akadali ndi pafupifupi 84 chaka chitatha, ndipo amanyamula kachidutswa ka chikho chimenecho mpaka zaka zina. Chizindikiro chakuti buku lanu lili ndi matenda amenewa n'chosavuta kuona: muli anthu amene sanakhale pa bawo la mpikisano kwa chaka ndi theka koma mayina awo akadali ndi mapointi.

Mankhwala ake ndi amodzi. Mwezi uliwonse yambirani ku mizere ya inki, osati ku mndandanda wa mwezi watha. Inde n'zochedwa. Koma pa mwezi umodzi mipikisano yonse ya mwezi wofanana ili ndi msinkhu umodzi, choncho musanayambe lembani pamwamba pa pepala miyezi 12 ndi mfundo zake zotsala. Kumapeto kwa Juni: Juni 12, Meyi 11, Epulo 10, kutsika mpaka Julayi wa chaka chatha 1. Mukatero pa mzere uliwonse mumangochulukitsa manambala awiri.

Mndandanda wa mwezi watha uli ndi ntchito imodzi yokha, yotsimikizira. Phatikizani magawo a mwezi a mizere yonse ya munthu imene inali yamoyo mwezi watha. Mkulu wa ku Ngabu ndi 20, 4 ndi 2, ndiye 26. Akapanda kusewera, ayenera kutsika ndi 26 ndendende: 82 kuchotsa 26 ndi 56, monga tapezera. Mnyamata ndi 6, 4 ndi 2, ndiye 12: kuchoka pa 128 kufika 116. Munthu akasewera m'mwezimo, onjezerani mapointi ake atsopano athunthu. Njira ziwirizi zikapanda kugwirizana, kawirikawiri mwaiwala kuwonjezera 12 pa mpikisano wa chaka chatha, kapena mwawerenga mwezi wa mpikisano ngati msinkhu 1 m'malo mwa 0.

Taonaninso chimene chimachitika patsogolo pake. Mu Ogasiti 2025 mkulu uja atsikanso ndi 26 kufika 30, ndipo mzere wa chikho watha. Mu Seputembala atsika ndi 6 yokha kufika 24. Munthu akasiya kugwa mothamanga chonchi, si kukondera kwa mlembi. Nzimbe yonenepa yatha, zatsala zowonda.

6. Werengani mipikisano 6 yokha, ndipo musankhe mutafotetsa

Mukawerenga yonse, mndandanda umayamba kuyeza ndalama ya ulendo m'malo mwa luso. Wokhala pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1, amakwera minibasi n'kufika ku Ngabu kapena ku Chikwawa m'mawa womwewo. Wa ku Makhanga kapena ku Muona, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, amafunika kabaza ndi bwato, kapena kuzungulira ulendo wautali wodzera ku Thabwa. Mmodzi akhoza kusewera mipikisano 14 pa chaka akungotola 12 ndi 24, n'kupitirira mnzake amene anasewera isanu yokha koma kufika patali paliponse. Choncho pa munthu aliyense tengani mizere 6 yapamwamba yokha.

Msampha uli pa dongosolo. Yambani mwafotetsa mizere yonse, kenako sankhani 6 imene ili ndi mapointi ambiri panopa. Mukasankha poyang'ana mapointi oyamba, 240 wa msinkhu 11 adzaoneka wamkulu, pamene watsala ndi 20 yokha ndipo akuchepera 24 wa mwezi uno. Mukatero mumam'bera munthu mapointi ake. Tanthauzo lakenso n'lakuti mzere umene unali kunja mwezi watha ukhoza kulowa mwezi uno, n'chifukwa chake palibe mzere wofufuta. Pa anthu amene ali ndi mizere yoposa 6, kutsimikizira kuja chitani pa mizere yonse musanasankhe, chifukwa mukasankha kale manambala sangagwirizane.

7. Akafanana mapointi

Wokhala ndi mzere umodzi waukulu kwambiri, titafotetsa, akhale pamwamba. Akafanananso, onani mzere wachiwiri. Akafanana yonse, apatseni malo amodzi, ndipo wotsatira adumphe nambala: awiri akakhala pa 5, wotsatira ali pa 7.

8. Katswiri wa chaka chatha pa maere

Mndandanda umagwira ntchito kwambiri pa tsiku la maere, pomwaza osewera amphamvu kuti asakumane ndime yoyamba. Pa mpikisano wa anthu 32 mwazani 8 apamwamba, wa nambala 1 ndi wa nambala 2 akhale mbali zosiyana kuti akakumane mu fainolo mokha.

Koma kufota kuli ndi vuto limene muyenera kulidziwa lisanakugwereni pamaso pa anthu. Mpikisano wa pachaka ukabweranso mu Ogasiti, maere amatengera mndandanda wa kumapeto kwa Julayi, ndipo pamenepo chikho cha chaka chatha chatsala ndi 20 pa 240. Mkulu wa ku Ngabu uja akufika kudzateteza chikho chake ali ndi 56, mwina pa nambala 15. Mukatsata mndandanda wokha, akhoza kukumana ndi wa nambala 1 pa masewero oyamba. Maganizo anga ndi akuti mapointi musawakhudze, koma mulembe lamulo lapadera: woteteza chikho, pa mpikisano womwewo wokha, aziikidwa pa malo a 8 ngati sali kale pakati pa 8 apamwamba. Lamuloli lilembedwe chaka chisanayambe, osati m'mawa wa maere anthu ataona kale amene lim'pindulire.

Ubwino wake, mpikisano wa pachaka ukafulumira ndi mwezi umodzi, kuwerengera kawiri sikupweteka kwambiri, chifukwa wakale watsala mfundo imodzi. Musiyeni athe yekha.

9. Miyezi ya madzi osefukira

Kuno kuchigwa, Januwale mpaka Malichi mipikisano imachepa chaka chilichonse. Anthu ali kumunda, misewu ya fumbi ndi matope. Imeneyi ndi nyengo wamba, ndipo kufota kupitirire. Mapointi a aliyense amatsika, manambala amaoneka ang'onoang'ono pofika Epulo, koma chofunika ndi malo, osati kukula kwa nambala.

Zaka zina n'zosiyana. Mu Januwale 2015, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy, madera athunthu a Chikwawa ndi Nsanje anali osafikika ndipo anthu ambiri anali m'misasa. Pa nthawi yotere si chilungamo kuti mipikisano izipitirira kupereka mapointi kumene kuli kouma pamene a kutsidya akufota osatha kuwoloka. Ngakhale tenisi ya akatswiri inaimitsa mndandanda wake mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri. Inunso mukhoza kuimitsa, koma mwa malamulo atatu. Kuimitsa kukhale kwa aliyense, osati kwa dera limodzi kapena munthu mmodzi. Kukhale kwa miyezi yathunthu imene komiti yailemba. Ndipo m'miyezi imeneyo pasakhale mpikisano wopereka mapointi. Anthu asewere, koma zisalowe m'buku.

Kuwerengera kwake: pa mpikisano uliwonse umene unachitika kuimitsa kusanayambe, chotsani miyezi yoimitsayo pa msinkhu. Mwaimitsa Febuluwale ndi Malichi, ndiye kumapeto kwa Juni mpikisano wa Novembala msinkhu wake ndi 5 m'malo mwa 7. Wa Epulo sukhudzidwa. Dziwani kuti mizere yakaleyo ikhala miyezi 14 ya pa kalendala isanathe, ndipo mpikisano wa Ogasiti ukadzabweranso chikho chakale chidzakhala chikadali ndi 40. Pamenepo thetsani mzere wakale tsiku limene watsopano walowa, kuti mpikisano umodzi usawerengedwe kawiri.

Matenda a munthu mmodzi kapena maliro si chifukwa choimitsira. N'zowawa kunena, koma mukatsegula khomo limeneli kamodzi simudzalitsekanso, ndipo lamulo la mizere 6 limamuteteza kale munthu amene wasowa miyezi iwiri kapena itatu.

10. Kwa amene ali ndi foni kapena kompyuta

Mu Google Sheets kapena Excel, mzati A ukhale nambala ya wosewera, B tsiku la fainolo, C mapointi oyamba, D msinkhu, E mapointi otsala. Mu H1 lembani tsiku lowerengera. Mu D2 ndi E2 lembani izi, kenako muzikokere pansi:

```
=(YEAR($H$1)-YEAR(B2))*12+MONTH($H$1)-MONTH(B2)
=IF(AND(D2>=0,D2<12),C2*(12-D2)/12,0)
```

Manambala a osewera akhale mu mzati J. Kuti muphatikize mizere yonse ya munthu, mu K2 lembani choyambachi. Chachiwiricho chimatenga mizere 6 yapamwamba, ndipo chimagwira mu Google Sheets:

```
=SUMIF(A:A,J2,E:E)
=IFERROR(SUM(SORTN(FILTER(E:E,A:A=J2),6,0,1,FALSE)),0)
```

Tsiku la mu H1 lilembeni ndi manja. Mukaikamo TODAY() mndandanda uzisintha wokha mwezi ukangolowa, ndipo umene unakhomedwa sudzagwirizana ndi umene uli mu foni. Kachidutswa ka D2>=0 musakachotse: popanda iko, mukabweza H1 m'mbuyo kuti muone mndandanda wa mwezi wakale, mipikisano ya patsogolo imakhala ndi msinkhu wochepera ziro n'kupereka mapointi oposa athunthu.

Chenjerani ndi madeti. Foni zina zimawerenga 05/06/2025 ngati 5 Juni, zina ngati 6 Meyi, ndipo kusiyana kumeneku ndi mfundo yathunthu. Lembani chaka poyamba, 2025-06-05. Mukaona tsiku lakhalira kumanzere kwa kabokosi, makina alitenga ngati mawu wamba ndipo D akhoza kutulutsa cholakwika. Ngati munaimitsa, onjezani mzati F wa miyezi yoimitsa pa mzere uliwonse, n'kulemba -F2 kumapeto kwa chowerengera cha D2.

Ngakhale muli ndi foni, hadikava isungidwe, ndipo masamba ake azijambulidwa mwezi uliwonse n'kutumizidwa kwa anthu awiri a m'komiti okhala madera osiyana. Mizere ya inki ikapulumuka, mndandanda wa mwezi uliwonse mukhoza kuumanganso. Zikatsala ziwerengero zophatikiza zokha, simungadziwenso mfundo zimene zinatsala pa nzimbe ya munthu aliyense.

11. Chimene mukhome

Pa pepala lokhoma lembani tsiku lowerengera pamwamba, kenako malo, nambala ndi dzina, mapointi a panopa, ndi mapointi amene munthu ataye mwezi wamawa akapanda kusewera. Mzati womalizawu umachepetsa mikangano kuposa china chilichonse. Mkulu wa ku Ngabu akaona 82 ndi 26 pambali pa dzina lake mu Juni, 56 ya mu Julayi simudzidzimutsa, ndipo amadziwa kuti akufunika kufika kotafainolo ya mpikisano waukulu kapena semifainolo ya waung'ono kuti akwere m'malo motsika.

Perekani masiku 7 a madandaulo kuchokera tsiku lokhoma. Dandaulo likhale la mzere: mpikisano wakuti sunalembedwe, mwezi walakwika, kapena ndime imene ndinafika si imeneyo. Likapezeka loona, konzani mzere wa inki, mlembi ndi wapampando asainire pambali pake, ndipo muwerengerenso munthuyo kuyambira ku mizere yake yonse.